Modelo ikamati 98 peresenti pamene ikulondola 85: tempirecha, aisotoniki kapena kuyambiranso kuphunzitsa?

Mu 2017, Chuan Guo ndi anzake a ku yunivesite ya Cornell anayerekeza manetiweki awiri pa zithunzi za CIFAR-100, zomwe zili ndi makalasi 100. Ina inali LeNet yaing'ono ya maleya 5, yamapangidwe a m'ma 1998. Inayo inali ResNet ya maleya 110. ResNet inkalondola kwambiri kuposa inzakeyo, monga aliyense ankayembekezera. Chodabwitsa chinali pa nambala imene netiweki imapereka pamodzi ndi yankho, ija timaitenga ngati chidaliro chake. Chidaliro cha LeNet chinkayenderana ndi kulondola kwake. ResNet inkatsimikiza mopyola muyezo: zithunzi zambirimbiri inkazipatsa chidaliro choyandikira 100 peresenti, zina mwa izo itaphonya.

Kalibureshoni ndi nkhani imeneyi basi. Mukasonkhanitsa mayankho onse amene modelo yati ili ndi chidaliro cha 80 peresenti, pafupifupi 80 pa 100 aliwonse ayenera kukhala olondola. Ngati mumangotenga yankho lapamwamba n'kupita nalo, nkhaniyi siikukhudzani kwenikweni. Imayamba kuluma pamene nambalayo ikugwiritsidwa ntchito posankha chochita, monga kunena kuti chilichonse chopitirira 0.9 chidutse, chotsalacho akachione munthu.

Kuyamba mwaona kukula kwa vuto

Musanasankhe njira yokonzera, jambulani galafu ya kudalirika. Tengani deta imene modelo sinaionepo pophunzira. Pa chithunzi chilichonse lembani chidaliro cha yankho lapamwamba, ndiponso ngati yankholo lalondola kapena ayi. Kenako gawani zithunzizo m'zigawo potengera chidaliro. Gulu la Guo linagwiritsa ntchito zigawo 15 zofanana m'lifupi, ndipo ambiri akutsatirabe zomwezo. Pagalafu, chidaliro chimayenda cham'mbali, kulondola kumakwera m'mwamba. Modelo yabwino imatsata mzere wochoka pangodya ya pansi kumanzere kukafika pangodya ya pamwamba kumanja. Modelo yodzidalira mopyola imagwera pansi pa mzerewo.

Tiyeni tipange chitsanzo chongoyerekeza cha zithunzi 1,000, ndi zigawo zinayi zokha kuti masamu asatichulukire. M'chigawo cha 0.9 mpaka 1.0 muli zithunzi 700. Chidaliro chawo chapakati ndi 0.98, koma zolondola ndi 595, ndiye kuti 0.85. Mpata wake ndi 0.13. Cha 0.7 mpaka 0.9 chili ndi zithunzi 150, chidaliro 0.81, kulondola 0.60. Cha 0.5 mpaka 0.7 chili ndi 100, chidaliro 0.60, kulondola 0.45. Zotsala 50 zili pansi pa 0.5, chidaliro 0.42, kulondola 0.30.

Nambala imene imalembedwa m'malipoti, ECE, imapezeka pochulukitsa mpata wa chigawo chilichonse ndi gawo la zithunzi zomwe zili mmenemo, n'kuphatikiza zonse:

```
ECE = 0.70*0.13 + 0.15*0.21 + 0.10*0.15 + 0.05*0.12 = 0.1435
```

ECE ya 14 peresenti ndi yaikulu, koma chofunika kuchiona bwino ndi chigawo chapamwambacho. Modelo iyi yaphonya zithunzi 255 zonse pamodzi, ndipo 105 mwa izo zili m'chigawo chomwe inkati ikutsimikiza kwambiri. Amene anaika malire pa 0.9 akuganiza kuti akulakwitsa kawiri pa 100, pamene akulakwitsa ka 15.

Zimachitika bwanji? Netiweki timaiphunzitsa ndi `cross_entropy`, njira yoiwerengera chilango pa yankho lililonse, yomwe siikhutira ndi yankho lolondola lokha. Chithunzi chikalondoledwa ndi chidaliro cha 0.9, chilango chake ndi 0.105, chikafika 0.99 chilango chimatsika kufika pa 0.01. Choncho netiweki yaikulu ikamaliza kulondola pafupifupi zithunzi zonse zophunzirira, njira yotsala yochepetsera chilango ndi kukulitsa malojiti, manambala aja amatuluka m'leya yomaliza asanalowe mu `softmax`, yomwe imawasandutsa chidaliro. Imazolowera kufuula. Ikakumana ndi zithunzi zatsopano, zomwe zina imaziphonya, imafuulabe chimodzimodzi. Mutha kuziona nokha pophunzitsa: chilango cha pa deta yoyesera chimayamba kukwera pamene kulondola kukupitabe patsogolo pang'onopang'ono.

Tempirecha: nambala imodzi

Ngati vuto ndi loti malojiti onse akula mopitirira, mankhwala apafupi ndi kuwagawa onse ndi nambala imodzi, T, yotchedwa tempirecha, asanalowe mu `softmax`. Zili ngati sikelo ya pamsika imene imawonjezera kulemera kwa chinthu chilichonse mofanana: cholemera chimaonekabe cholemera kuposa chinzake, chongofunika ndi kubweza muyezo.

Tengani chithunzi chimodzi cha makalasi atatu, malojiti ake 6, 3 ndi 1. Popanda kusintha kanthu, `softmax` ipereka 0.947, 0.047 ndi 0.006. Mukagawa ndi T = 2, malojiti akhala 3, 1.5 ndi 0.5, ndipo zotuluka ndi 0.766, 0.171 ndi 0.063. Kalasi yoyamba ikutsogolabe. Izi sizinangochitika mwamwayi: kugawa manambala onse ndi nambala imodzi yoposa ziro sikusintha kuti wamkulu ndi uti. Ndiye chifukwa chake kulondola kwa modelo sikusuntha ngakhale pang'ono. T ikaposa 1 chidaliro chimatsika, ikachepera 1 chimakwera.

T siimasankhidwa ndi maso. Mumapatula deta yomwe modelo sinaphunzirepo (pa CIFAR-100 gulu la Guo linapatula zithunzi 5,000 mwa 50,000), kuidutsa mu modelo kamodzi, kusunga malojiti, n'kufufuza T imene ikupereka chilango chochepetsetsa pa detayo. Netiweki yeniyeniyo simuikhudza.

```python
log_T = torch.zeros(1, requires_grad=True)
opt = torch.optim.LBFGS([log_T], lr=0.1, max_iter=100)

def closure():
    opt.zero_grad()
    loss = F.cross_entropy(logits.detach() / log_T.exp(), labels)
    loss.backward()
    return loss

opt.step(closure)
T = log_T.exp().item()
```

Tikufufuza `log_T` m'malo mwa T kuti T isagwere pa ziro kapena pansi pake. Potenga malojiti muonetsetse kuti mwaitana `model.eval()`, apo ayi `Dropout` ndi `BatchNorm` zipereka malojiti osiyana ndi omwe modelo izidzatulutsa pantchito. Onetsetsaninso kuti `logits` ndi malojiti enieni, osati zotuluka mu `softmax`. Kulakwitsa kumeneku n'kofala, ndipo kodi siidandaula, imangokupatsani T yachilendo yaing'ono kwambiri.

Pali chizindikiro china choti mwaphonya. Mukapeza T yochepera 1 pa netiweki yaikulu yophunzitsidwa mwachizolowezi, funsani kaye ngati deta yopatula ija sinalowe m'kuphunzitsa. Pa deta imene modelo inailoweza, imalondola pafupifupi chilichonse, choncho kufufuzako kumaona ngati chidaliro chikuchepa ndipo kumachikwezanso. Mumatuluka ndi modelo yodzidalira kuposa poyamba.

Pa ResNet ya maleya 110 ija, njira imeneyi inatsitsa ECE kuchoka pa 16.53 peresenti kufika pa 1.26. Ndi nambala imodzi yokha.

Abale ake a manambala ambiri

Tempirecha inachokera ku njira ya John Platt ya mu 1999, imene anaipangira mtundu wina wa mamodelo, ma SVM, a makalasi awiri: lojiti imachulukitsidwa ndi `a`, n'kuwonjezerapo `b`. Ngati ntchito yanu ndi ya inde kapena ayi, ine ndingayambire pamenepa osati pa T yokha. Nambala yachiwiriyo, `b`, imasuntha chidaliro chonse kupita mbali imodzi, zomwe T singathe. Izi zimafunika mukakhala kuti munaphunzitsa modelo pa deta yolinganizidwa theka ndi theka, pamene kunjaku kalasi imodzi imapezeka mwa apo ndi apo. Dziwani kuti `b` imasuntha malire a yankho, ndiye mayankho ena asintha.

Pa makalasi ambiri, njira ya vekitala imapatsa kalasi iliyonse `a` ndi `b` zake. Makalasi 100 ndiye kuti manambala 200. Njira ya matirikisi imalola lojiti iliyonse kukhudza inzake iliyonse, ndipo manambala amafika 10,100. Ganizani manambala 10,100 akuphunziridwa pa zithunzi 5,000. Amangoloweza detayo, ndipo pa kuyesa kwa Guo ECE inakwera kufika 25.49 peresenti, kuipa kuposa kusakonza n'komwe. Pa ImageNet, ya makalasi 1,000, manambalawo amapitirira miliyoni imodzi pamene deta yopatula siifika kumeneko.

Vekitala inapeza 1.32, pafupifupi chimodzimodzi ndi tempirecha. Ofufuzawo ataona manambala omwe inaphunzira, anapeza kuti anali pafupifupi ofanana pa makalasi onse. Ataipatsa ufulu wa manambala 200, inakasankha chinthu chofanana ndi T imodzi. Umenewu ndi umboni wabwino woti pa manetiweki amenewo vuto linalidi limodzi, kukula kwa malojiti onse pamodzi.

Koma CIFAR-100 ili ndi zithunzi zofanana kuchuluka m'kalasi iliyonse. Deta yambiri ya pantchito siili choncho. Makalasi ena akakhala ndi zitsanzo zikwi zambiri pamene ena ali ndi makumi ochepa, modelo imatha kudzidalira mopyola pa makalasi ochulukawo n'kumadzikayikira pa osowawo. T imodzi imagwera pakati, ndipo galafu yonse imaoneka bwino chifukwa zolakwika ziwirizi zikuphimbana. Njira yodziwira ndi kujambula galafu ya kalasi iliyonse payokha. Mukaona ina ili pansi pa mzere ina pamwamba, apo vekitala ili ndi ntchito, bola makalasi ang'onowo akhale ndi zitsanzo zokwanira mu deta yopatula.

Njira zosaumiriza mawonekedwe

Njira zonse tatchulazi zimaganiziratu mmene kupindika kwa galafu kulili. Bianca Zadrozny ndi Charles Elkan anabweretsa njira ziwiri zosaganiziratu chilichonse: ya histogalamu mu 2001 ndi ya aisotoniki mu 2002.

Ya histogalamu ndi yosavuta kuimvetsa. Mumatenga zigawo zija n'kusintha chidaliro cha chigawo chilichonse kuti chikhale kulondola kwake. Pa chitsanzo chathu, chilichonse chogwera pakati pa 0.9 ndi 1.0 chizilembedwa 0.85. Vuto likuonekeratu: zithunzi 700 zija zonse zapatsidwa nambala imodzi. Chomwe chinali 0.91 ndi chomwe chinali 0.9999 zafanana, pamene mwina chachiwiricho chimalondola kwambiri kuposa choyambacho. Mwakonza muyezo koma mwataya kusiyanitsa komwe kukanakuthandizani kusankha zotumiza kwa munthu.

Aisotoniki imachita mwanzeru kuposa apo. Imasankha yokha malire a zigawo, ndi lamulo limodzi loti chidaliro chikakwera, nambala yokonzedwayo isatsike. Zotuluka zimaoneka ngati masitepe. Imatha kuwongola galafu yopindika mwanjira iliyonse, ngakhale yomwe ili pamwamba pa mzere kumanzere n'kugwera pansi kumanja mosatsata dongosolo. Mtengo wake ndi deta. Malangizo a scikit-learn, komwe imapezeka ngati `method="isotonic"` mu `CalibratedClassifierCV`, amachenjeza kuti zitsanzo zikachepera kwambiri pa 1,000 imangoloweza. Kumapeto kwa masitepe imathanso kupereka 0 kapena 1 weniweni, ndipo modelo yonena kuti chinthu n'chosatheka kenako chinthucho n'kuchitika imalandira chilango chopanda malire.

Pa makalasi ambiri zimavutanso kwina. Njira ziwirizi zinapangidwira makalasi awiri, ndiye mumakonza kalasi iliyonse moyang'anizana ndi ena onse, kenako n'kulinganiza kuti zonse zikwane 1. Kulinganizako kumasokonezanso pang'ono zomwe mwakonza, ndipo yankho lapamwamba likhoza kusintha. Pa ResNet ija histogalamu inapeza 2.66 ndipo aisotoniki 4.99. N'zabwino kuposa 16.53, koma zonse zili kumbuyo kwa nambala imodzi ija. Malo enieni a aisotoniki, mmene ndimaonera, ndi ntchito ya makalasi awiri yokhala ndi zitsanzo zikwi zingapo zopatula, makamaka pamene mwayesa njira ya Platt ndipo galafu ikadali yokhota.

Kubwerera kukaphunzitsanso

Ena amati bwanji osakonza gwero lake. Kufewetsa malebulo, mayankho olondola aja timaphunzitsira modelo, ndiko kofala: mu PyTorch mumangolemba `label_smoothing=0.1` mu `CrossEntropyLoss`, ndipo pa makalasi 100 kalasi yolondola imalunjika pa 0.901 m'malo mwa 1. Netiweki imasiya kuthamangitsa malojiti mpaka kalekale. Rafael Müller, Simon Kornblith ndi Geoffrey Hinton anaonetsa mu 2019 kuti izi zimathandizadi kalibureshoni. Koma 0.1 ndi nambala yongosankha musanaone zotsatira. Ikapitirira, modelo imayamba kudzikayikira, galafu n'kukwera pamwamba pa mzere, ndipo mumadzafunabe T, ulendo uno yochepera 1. Kuyesa nambala ina kumafuna kuphunzitsanso kuyambira pachiyambi, pamene kufufuza T kumatha m'masekondi. Gwiritsani ntchito kufewetsa ngati kukukweza kulondola, koma musakuone ngati kwalowa m'malo mwa kuyeza.

Apa mpofunikanso kunena kuti si netiweki iliyonse yamakono imene imadzidalira mopyola. Matthias Minderer ndi anzake anapeza mu 2021 kuti mamodelo atsopano monga ViT ndi MLP-Mixer anali ndi kalibureshoni yabwino kuposa zomwe zotsatira za 2017 zinkalosera. Yezani yanuyo musanaipatse mankhwala.

Njira yodula kwambiri ndi kuphunzitsa mamodelo angapo, kawirikawiri asanu, iliyonse kuyambira pa manambala ake achisawawa, n'kutenga pakati pa zotuluka zawo. Mumalipira kasanu pophunzitsa ndiponso kasanu pa chithunzi chilichonse pantchito. Ngati cholinga ndi kutsitsa ECE pa deta yofanana ndi yophunzirira, kumeneko ndi kuwononga ndalama. Phindu lake lili kwina, pamene tempirecha imagwa.

Pamene T imasiya kugwira

T imaphunziridwa pa deta yopatula, ndipo imakhala yoona pa deta yofanana ndi imeneyo yokha. Yaniv Ovadia ndi anzake anayesa izi mu 2019 powononga zithunzi mwadala, kuzichititsa chimbuuzi, kuziwaza phokoso, kuzitembenuza, pang'ono kenako kwambiri. Kulondola kunkatsika, koma chidaliro sichinkatsika mofanana, ndipo mamodelo okonzedwa ndi tempirecha anabwerera ku kudzidalira kuja. Mamodelo ophatikizidwa ndi amene anapirira kuposa njira zina zonse zomwe anayesa. Chifukwa chake n'chomveka: pa chithunzi chachilendo mamodelo asanuwo nthawi zambiri amaphonya mosiyana, ina ikuti ichi ina ikuti icho, ndipo mukatenga pakati chidaliro chimatsika chokha. T ilibe njira yodziwira kuti chithunzi ndi chachilendo. Imagawa chilichonse ndi nambala yomweyo.

Choncho ngati modelo inaphunzira pa zithunzi za kamera imodzi koma pantchito izilandira za mafoni osiyanasiyana, deta yopezera T itengedwe ku mafoniwo. Zithunzi mazana ochepa zolembedwa bwino za kumene modelo ikagwire ntchito zimaposa zikwi za mu deta yakale, ndipo apa ndi pamene kuchepa kwa manambala a tempirecha kumapindulitsa, chifukwa nambala imodzi siifuna deta yambiri. Mukasankha kuphatikiza mamodelo, ikani T pambuyo pophatikiza. Mukakonza modelo iliyonse payokha kenako n'kutenga pakati, gululo limatuluka lodzikayikira mopyola, popeza kuphatikizako kumatsitsa kale chidaliro.

Musakhulupirire ECE yokha

Poyerekeza njirazi n'zosavuta kungosankha ya ECE yotsikitsitsa, koma nambalayi imanyengeka. Modelo ya chitsanzo chathu imalondola 74.5 peresenti. Mutailamula kuti pa chithunzi chilichonse izinena 0.745, ECE ingakhale ziro ndendende, koma chidaliro chakecho sichingakuuzeni chilichonse. Njira ya histogalamu imayandikira chinyengo chomwechi, makamaka zigawo zake zikafanana ndi zomwe mukuyezera. Ndiye pambali pa ECE yang'anani chilango cha `cross_entropy` kapena sikoo ya Brier, ija Glenn Brier anaipangira olosera zanyengo mu 1950. Ziwirizi zimalanga modelo yonama komanso modelo yosasiyanitsa.

Zigawo za zithunzi zochepa nazo zimanamiza maso. Chigawo cha zithunzi 20 chomwe kulondola kwake kwenikweni ndi 0.8 chimatha kuoneka 0.70 kapena 0.90 mwamwayi chabe. Pansi pa galafu muziika chiwerengero cha zithunzi za chigawo chilichonse, kapena gawani kuti zigawo zonse zikhale ndi zithunzi zofanana kuchuluka. Ndipo kuyeza komaliza kuchitike pa deta yachitatu, osati ija mwapezera T. Aisotoniki ikayezedwa pa deta yomwe yaphunzirapo imaoneka yangwiro nthawi zonse.

Dongosolo limene ndingatsate ndi ili. Makalasi ambiri, deta yopatula yochepa, galafu yagwera pansi pa mzere paliponse: tempirecha. Makalasi awiri: Platt, kenako aisotoniki ngati deta ilipo ndipo kukhota kwatsala. Makalasi osalingana omwe magalafu awo akulozera kosiyana: vekitala. Matirikisi isiyeni pokhapokha makalasi ali ochepa kwambiri ndipo mwaimanga kuti isaloweze. Deta ya pantchito yosinthasintha: mamodelo angapo ngati thumba likulola, ndipo mulimonsemo muzipezanso T nthawi ndi nthawi pa zitsanzo zatsopano.

Chomaliza chimene ambiri amaiwala ndi malire aja a 0.9. Chithunzi chathu cha malojiti 6, 3 ndi 1 chinkadutsa ndi 0.947; T = 2 ikalowa chili pa 0.766, ndipo chipita kwa munthu. Zithunzi zambiri zichita chimodzimodzi, ndiye ntchito ya anthu oyang'anawo ichuluka tsiku lomwelo. Auzeni zisanachitike, ndipo sankhaninso malirewo poyang'ana zinthu ziwiri pa deta yoyesera: zithunzi zingati zikudutsa zokha, ndipo mwa zodutsazo zingati zaphonyedwa.